Mankhwala a Masana

Azakhali ankalera ana a eni ake. Ntchito yawo inali imeneyo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa malo omatira matayala. Dzina lawo lenileni linali pa chiphaso chokha. Ana ankati Azakhali, makolo a anawo ankatinso Azakhali, ngakhale bambo womata matayala uja, amene anali wamkulu kuposa iwo, ankawaitana choncho.

Sanachite kuisankha ntchitoyi. Amuna awo atapita kokasaka ganyu n'kulowera komweko, mayi wina woyandikana nawo anawasiyira khanda kuti aone kaye pang'ono, iye athamangire kuntchito. Kuona kaye kumeneko kunatha zaka zitatu. Ena atamva anayamba kubweretsa awo, ndipo pofika chaka chimene tikunenachi, m'mawa uliwonse pakhomopo pankatsitsidwa ana asanu, wachisanu ndi chimodzi ali mdzukulu wawo. Chipinda chakutsogolo chinali cha ana: mphasa ziwiri, matiresi amodzi okutira pulasitiki, ndowa ya matewera pakona, ndi kashelefu kokhoma pamwamba pa chitseko, pamene dzanja la mwana silingafike.

Kashelefu kameneka ndi kamene Azakhali ankanyadira. Mwana akadwala, mayi ake amamumwetsa mankhwala m'mawa ndi madzulo, koma masana amakhala ali kuntchito. Nanga a masanawo apereka ndani? Azakhali. Kuwerenga ankachita kodumphadumpha, zilembo za madokotala ndiye osayamba n'komwe, choncho botolo lililonse ankalimanga ulusi pakhosi: wofiira wa uyu, wakuda wa uje. Belu la kusukulu ya kutsidya kwa msewu likalira kuti ana aang'ono aweruke, iwo ankasamba m'manja, n'kukwera pampando, n'kutsitsa mabotolo. Ankakhutchumula lililonse, kuthira mpaka pamzere, kumupana mwana pakati pa miyendo, basi wameza. Wolavula ankamudziwa, woluma kapu ankamudziwanso. Zaka zonsezo sanaphonyepo, ndipo ankanena poyera kuti ena amalera ndi phala, iwo amalera ndi wotchi ngakhale wotchi alibe.

Mdzukulu wawo uja ankatchedwa Wayilesi, chifukwa pakamwa pake sipankatseka chidzukire. Anali ndi zaka ziwiri ndi theka, ndipo mayi ake ankagwira ntchito kutali, kubwera kamodzi pamwezi. Loweruka lina Wayilesi anazima. Ankangogwira khutu lakumanzere n'kumalira, thupi lili moto. Azakhali anamubereka n'kupita naye kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Adokotala anamuyeza pasikelo, anamusuzumira m'khutu ndi katochi, n'kunena kuti m'kati mwatupa. Analemba amokisilini.

Pazenera lolandirira mankhwala panali mzere wofika kunja. Bambo wa pazenerapo anawerengera mapiritsi makumi awiri m'kapepala ka zithunzi zitatu, dzuwa lotuluka, dzuwa lapakati ndi mwezi, mapiritsi aja osungunula m'timadzi pang'ono, n'kujambula timizere tiwiri pa dzuwa lotuluka, tiwirinso pa mwezi. Anati awiri m'mawa, awiri madzulo, masiku asanu, osasiya ngakhale mwana ayambe kusewera. Azakhali anayang'ana dzuwa lapakati lija, lopanda kamzere, n'kuganiza kuti bamboyo waiwala.

“Nanga masana, achimwene?”

“Za masana zinatha, mayi. Masiku ano ndi kawiri, mwana amachira chimodzimodzi. Wotsatira!”

Bamboyo sananame, ndipo tisamunamizire. Kungoti nkhani yake inali ndi mutu ndi miyendo, iye anapereka mutu wokha, poti kumbuyo kwa Azakhali kunali anthu makumi anayi, wina atayamba kale kulowetsa buku pansi pa mkono wawo. Azakhali anabwerera kunyumba akuseka okha. Komatu dziko likusintha, mpaka mankhwala ayamba kupuma masana? Anamumwetsa mdzukulu wawo monga anauzidwira, ndipo pofika Lolemba Wayilesi anali atatsegulanso, akufunsa aliyense wolowa kuti wabwera ndi chiyani.

Lolemba lomwelo Dalaivala anabwera mochedwa. Ameneyu anali kamnyamata ka chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi inayi, kakakulu mutu, kamene kankatenga chivundikiro cha poto n'kumachizunguza ngati chiwongolero tsiku lonse, kakulira ngati lole yokwera mtunda. Mayi ake ankasoka mayunifolomu kufakitale. Tsikulo anapempha theka la tsiku n'kupita naye kukiliniki ya kuntchito kwawo, chifukwa ankatsokomola ndi kupuma mothamanga. Kumeneko anamuwerenga mpweya, anamumvetsera m'chifuwa, n'kunena kuti ndi chibayo, koma choti angathe kumwera mankhwala kunyumba. Anawapatsa amokisilini yemweyo, koma wamadzi, wa m'botolo, ndi kakapu koyezera: mpaka pamzere wa faifi, katatu pa tsiku. Anawauzanso kuti akaona kuti zikuipa abwerere msanga. Azakhali analimanga botololo ulusi wobiriwira, anamwetsa mwana, ndipo madzulo analibwezera m'chikwama kuti akapitirize kunyumba.

Lachiwiri m'mawa amake Dalaivala anafika akuthamanga, mwana kumbuyo, chikwama m'manja. Atatsegula chikwamacho anangogwira pamutu. Botolo linatsala patebulo kunyumba. Kubwerera kunali kukwera minibasi kupita, kukweranso kubwera, ndipo geti la kufakitale likatsekedwa limakhala latsekedwa. Anali atapempha kale dzulo lake, ndipo kapitawo wawo anali munthu wosamva za mwana. Mtsikanayo anaima pakhomo misozi ili lengelenge, osadziwa kolowera.

Apa m'pamene Azakhali anayankhula, ndipo anayankhula ndi mtima wabwino, n'chimene chimapweteka.

“Pitani kuntchito, amake Dalaivala. Mankhwala ake si omwewa akumwa Wayilesi? Andiuza okha akuchipatala, za masana zinatha. M'mawa ndi madzulo basi, amachira chimodzimodzi.”

Mtsikanayo anafunsa ngati n'zoona. Azakhali anatsitsa kapepala ka Wayilesi, n'kumuonetsa dzuwa lapakati lopanda kanthu, n'kumulozeranso Wayilesiyo, amene panthawiyo anali akukangana ndi mnzake za supuni. Umboni unali poyera. Amake Dalaivala anapumira m'mwamba, anathokoza kawiri, n'kuthamangira minibasi. Kuyambira tsikulo botolo silinayendenso. Linkakhala kunyumba, pamalo pozizira, ndipo onse awiri anaona kuti n'zabwinonso, poti botolo lagalasi m'minibasi yodzaza n'kudzipatsa nkhawa.

Kuti Wayilesi ankamwa mapiritsi awiri nthawi imodzi pamene Dalaivala ankamwa kakapu kamodzi, Azakhali ankaona ndithu. Koma piritsi ndi madzi ungaziyerekeze bwanji? M'mutu mwawo anati amadzi aja mwina ndi amphamvu, akuchipatala adziwa okha.

Lachiwiri ndi Lachitatu mwanayo anali pakatikati. Thupi linkatentha n'kuzizira, phala ankadya masupuni angapo, chivundikiro ankachigwira koma lole sinkalira. Azakhali anati mankhwala sagwira tsiku limodzi. Lachinayi anafika ali lefu, ndipo amake anati usiku sanagone bwino, koma mankhwala wamwa, ndipo Loweruka akapanda kusintha apita nayenso. Anamugoneka pamatiresi n'kupita.

Cha m'ma teni Azakhali anamudzutsa kuti amwe phala. Anakana. Anamupatsa madzi, anangonyowetsa milomo n'kutembenuka. Atamuvula kamalaya kuti amupukute, anaona chimene sanafune kuona: akakoka mpweya, pansi pa nthiti pankalowa m'kati, ngati wina akumutsina ndi dzanja losaoneka, ndipo mphuno zinkatanuka. Potulutsa mpweya ankabuula pang'onopang'ono. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zinali zitawaphunzitsa kuti kupuma kotereku sikodikira Loweruka.

Anaimba foni kwa amake. Inalira mpaka kudula. Anaimbanso, anaimbanso. Kufakitale kuja mafoni amatsekeredwa m'makabati kuyambira m'mawa mpaka nthawi yopuma, ndipo Azakhali ankadziwa zimenezo, koma ankangoimbabe, nanga akanatani? Bambo a mwanayo anali paulendo ndi lole ya kampani, masiku atatu kuchokera kunyumba. M'chipindamo munali ana ena asanu, wina wokwawa, wina akulirira potty yake yodzithandiziramo imene Wayilesi anaikhalira mwadala. Kuwasiya sakanatha, kuwatenga onse sakanathanso. Anazungulira m'chipindamo kawiri, mwana ali m'manja, akuyankhula okha.

Mapeto ake anatuluka n'kukagwira mkono mkazi wa womata matayala, amene anali akuchapa, n'kumuuza kuti akhale ndi ana, asafunse zambiri. Anatenga buku la kuchipatala la Dalaivala m'chikwama, anamubereka, n'kuyamba ulendo wa kuchipatala chaching'ono chija. Ndi wapansi ndi mphindi makumi awiri. Njira yonse ankamva kabuulidwe kaja kumsana, ndipo kakangoleka pang'ono ankaima n'kumugwedeza.

Anesi atangomuona mwanayo sanawauze zokhala pamzere. Anamupanira kachipangizo kuchala, anaona manambala, n'kumuika timachubu ta mpweya m'mphuno. Adokotala, omwe aja anaona Wayilesi, anabwera n'kumubaya jakisoni, n'kutuma munthu kuti aitane ambulansi yopita kuchipatala chachikulu. Kenaka anatsegula buku lija n'kufunsa ngati mankhwala ankamwa monga munalembedwera.

Azakhali akanatha kungoti inde. Palibe akanadziwa. Koma pakamwa panatuluka zoona, kuti amamwa kawiri, m'mawa ndi madzulo, chifukwa za masana zinatha. Adokotala anafunsa kuti wanena zimenezo ndani. Anati pazenera pomwepa, tsiku la khutu la mdzukulu wawo.

Adokotalawo sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangotenga cholembera n'kujambula timizere kuseri kwa pepala. Anati piritsi limodzi la mdzukulu wawo likufanana mphamvu ndi kakapu kamodzi ka botolo lolembedwa m'bukumo. Wayilesi ankamwa awiri m'mawa, awiri madzulo, anayi pa tsiku. Dalaivala anamulembera kamodzi katatu, atatu pa tsiku. Njira zonse ziwiri zimagwiritsidwa ntchito, anatero, ndipo ya kawiri inabwera dala kuti ithandize makolo amene masana sakhala pakhomo. Koma polemba za kawiri, muyezo wa nthawi iliyonse amaukweza molingana ndi sikelo ya mwana, kuti mankhwala a tsiku lonse akwane. Sachotsa a masana n'kusiya enawo momwe analili.

“Ndiye mwanayu, mayi, amamwa awiri pa tsiku. Theka la amene amamwa mdzukulu wanu, chonsecho pasikelo akusiyana pang'ono.”

Azakhali anayang'ana timizere tija. Tinayi uku, tiwiri uku. Zinali zosavuta, zoti ngakhale iwo osaphunzira akanazimva pa mphindi imodzi, akanangopezeka wowauza. Anakhala pabenchi osauzidwa.

“Adokotala, ndiye kuti ndine ndamuchititsa?”

“Sindingakuuzeni kuti inde, sindingakuuzeninso kuti ayi. Ena amamwa bwinobwino koma chibayo n'kukula, chifukwa tizilombo tina mankhwalawa satigwira. Chimene ndikudziwa n'choti amamwa osakwanira.”

Ambulansi inali itapita ndi mayi wodwala pobereka, ndipo inatenga maola awiri kuti ibwere. Maola awiri amenewo Azakhali anakhala pambali pa bedi atagwira kaphazi ka mwanayo, akuyang'ana nthiti zikulowa ndi kutuluka, popanda china chochita. Potulukira pakhonde anaona bambo wa pazenera uja akuwerengera anthu mapiritsi, mzere uli womwe uja. Mtima unawauza kuti akamufunse chifukwa chake anawapatsa nkhani yoduka. Koma akanati chiyani? Iye anawauza za Wayilesi, ndipo za Wayilesi ananena zoona. Za mwana wa eni anawonjezera okha.

Amake Dalaivala anaona foni nthawi yopuma, n'kufika ambulansi ikulowa pageti, ulusi wa kufakitale udakali pamalaya. Panalibe nthawi yofotokoza. Anakwera ndi mwana wawo, chitseko chinatsekedwa, ndipo Azakhali anabwerera wapansi kwa ana asanu aja, amene anawapeza onse akulira, mkazi wa womata matayala atatuluka thukuta.

Lachisanu sanathe kupita kuchipatala chachikulu, poti makolo anabweretsa ana monga mwa masiku onse. Anaimba katatu. Koyamba amake anati akadali pampweya, kachiwiri anati amusinthira majakisoni, kachitatu foni sinayankhidwe. Loweruka m'mawa anadzuka n'kukonza phala m'fulasiki, n'kumusiya Wayilesi kwa oyandikana nawo. Foni inalira ali pasiteji kudikira minibasi. Anali bambo a Dalaivala, amene anali atangofika kumene kuchokera ku ulendo, ndipo ananena mawu ochepa.

Kumaliro Azakhali anapita, anakhala kumbuyo, ndipo palibe anawaloza chala. Achibale ankati chibayo cha chaka chino n'choipa. Anazindikira kuti amake sanauze munthu za botolo, ngakhale amuna awo. Zimenezi sizinawapepuze ayi. Ankangodikira tsiku limene mtsikanayo adzabwere kudzawatukwana, ndipo pena ankalilakalaka.

Ntchito sinaime. Ana anapitiriza kubwera, kukodza pamatiresi, kulumana, kudwala. Koma Azakhali anasanduka munthu wovuta. Mayi akabweretsa mankhwala, ankamuuza kuti awerenge mokweza zolembedwazo, kawiri, kenaka ankaitana mphunzitsi wopuma wa nyumba yachitatu kuti awerengenso. Wina akawafunsa maganizo, ngakhale a chimfine, ankati iwo si adokotala. Azimayi ankaseka kuti Azakhali akalamba, ayamba mantha. Tsiku lina anabwereranso kwa adokotala aja popanda wodwala, n'kudikira mzere wonse, kuti angofunsanso funso lomwe lija. Yankho linali lomwe lija.

Panapita miyezi isanu. Lamlungu lina masana, Azakhali akuyanika mphasa panja, amake Dalaivala anatulukira pakona pa matayala. Anali ataonda kumaso, koma malaya anali atawathina pamimba. Azakhali anawapatsa mpando, iwo eni n'kukhala pansi. Anapatsana moni, anafunsana za kunyumba, za kuntchito, za Wayilesi, kenaka nkhani zinatha.

Azakhali ndiwo anayamba. Anati sanapezepo mpata wopepesa, kuti mawu aja anali awo, ndipo akanakhala chete mtsikanayo akanabwerera kukatenga botolo. Amake Dalaivala anawadula. Anati pabotolopo panali polembedwa katatu, ndipo iwo kuwerenga amadziwa. Anawerenga tsiku lililonse pomwetsa, koma anasankha kumva zimene zinkawapeputsira ulendo. Ananena zimenezi mosalira, akuyang'ana pansi, ndipo zinkaoneka kuti anali atazinena kambirimbiri mumtima.

Kenaka anafotokoza chimene anabwerera. Mwana adzabadwa miyezi inayi ikubwerayi. Kufakitale amapereka miyezi itatu yokha, ukapitirira malo ako amakhala a wina. Anayendayenda kufunsa. Kwina n'kutali ndi msewu wa minibasi, kwina salandira makanda, kwina amatseka iwo asanaweruke. Amayi awo anamwalira kale, apongozi awo ndi odwala.

“Sindinabwere chifukwa choti ndaiwala, Azakhali. Ndikadutsa pamsewu uwu mtima umandiwawa. Koma ndilibe kwina.”

Azakhali anafuna kukana. Anafuna kunena kuti manja awo asawakhulupirirenso, kuti akasake munthu wophunzira, kuti iwo sangathe kumva khanda la mayi ameneyu likutsokomola m'nyumba mwawo. Koma ankaudziwa msewu wonsewo, nyumba ndi nyumba, ndipo ankadziwa kuti mtsikanayo sakunama.

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, n'kufunsa kuti kuntchito adzabwerera mwezi uti.